Kugunda kumodzi kwa mtima papepala la ECG

"Bambo anga anawayeza mtima. Papepala la ECG palembedwa PR 240 ms ndi QRS 90 ms, koma adokotala angoti tisade nkhawa. Kodi timizere tokwera ndi kutsikati tikunena chiyani?"

Zikomo potilembera. ECG siyeza mphamvu imene mtima ukupopera magazi ayi. Imalemba magetsi amene amalamula minofu ya mtima kuti ifinye, komanso nthawi imene magetsiwo atenga poyenda. Pepalalo limayenda mamilimita 25 pa sekondi, choncho kabokosi kakang'ono kamodzi ka papepalapo, ka milimita imodzi m'lifupi, ndi 40 ms. Ma ms 1000 ndiwo sekondi imodzi.

Kugunda kumayambira m'chipinda cham'mwamba chakumanja kwa mtima. Magetsi akamafalikira m'zipinda ziwiri zam'mwamba, papepala pamatuluka kachitunda kakang'ono kotchedwa P. Kenako mzere umagona kwa kanthawi ngati palibe chikuchitika, koma ine ndimati nkhani ya bambo anu ili pomwepa. Pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi pali kamfundo kamene kamachedwetsa magetsi dala, ngati mlonda wa pachipata, kuti magazi athe kutsikira m'zipinda zam'munsi zisanafinye. PR ndi nthawi yochokera pamene P wayambira kufika pamene kamzere kosongoka kotchedwa QRS kayambira, ndipo mwa munthu wamkulu imakhala 120 mpaka 200 ms, kapena kuti timabokosi 3 mpaka 5.

Ya bambo anu ndi 240. Mukagawa ndi 40 mupeza timabokosi 6. Tengani pepalalo muwerenge nokha. Magetsi akuchedwa pang'ono kuposa muyeso, ndipo makina ambiri amalemba First degree AV block. Mawu akuti block amatanthauza kutsekeka, koma dzinali limaopsa anthu chabe, chifukwa palibe chatsekeka: P aliyense amatsatidwa ndi QRS wake. Zimenezi zimabwera ndi ukalamba, zimapezekanso mwa othamanga, ndiponso mankhwala monga atenololo ndi digokisini amatalikitsa PR. Ngati akumwa mankhwala otere, adokotala adziwe, koma asawasiye okha.

QRS ndi kamzere kosongoka kaja, pamene magetsi akufalikira m'zipinda zam'munsi. Minofu yake ndi yochuluka, n'chifukwa chake kamatalika kuposa P, koma kamakhala kopyapyala poti njira za magetsi kumeneko n'zachangu. Kakafika 120 ms kapena kupitirira, kawirikawiri ndiye kuti njira imodzi yatsekeka kapena kugundako kwayambira m'munsi momwemo. Bambo anu ali pa 90, zimene zili bwino ndipo zikusonyeza kuti kuchedwa kuja mwina kuli pa kamfundo kaja.

Chitunda chomaliza, T, ndi pamene zipinda zam'munsi zikubwezeretsa magetsi ake kukonzekera kugunda kwina.

Pepalali limangogwira masekondi pafupifupi 10. Bambo akayamba chizungulire, kukomoka, kapena mtima ukamadumpha kugunda, abwerere kuchipatala msanga. Adokotala akafufuza ngati pali P wina amene akudutsa popanda QRS pambuyo pake, ndipo limenelo ndi vuto lina, lofuna chithandizo chake.