Za oralo ya DELE B1, mayeso a Chisipanishi, komanso tsiku lomwe pakamwa panga panauma

"Achemwali, ndikulemba DELE B1 miyezi iwiri ikubwerayi. Kuwerenga ndi kulemba ndilibe nazo vuto koma ndikati ndiyankhule mutu umangoima. Ndiloweze nkhani zingati kuti ndikhale wokonzeka?"

Achimwene, mawu oti kulowezawo andikumbutsa zowawa, chifukatu ine ndinagwa mayeso omwewa ulendo woyamba ndili ku Valencia ku Spain, ndipo chinandigwetsa n'chomwecho. Ndinali ndi kope lodzadza, nkhani ya banja, ya ntchito, ya holide, ya zakudya, zonse zili pamtima ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Tsikulo anandipatsa mphindi 15 zokonzekera, mitu iwiri ndisankhepo umodzi, ndinasankha wa ulendo womwe sindidzauiwala ndipo ndinaulakatula bwinobwino mphindi zitatu mpaka ndinadzimva kuti basi satifiketi ndatenga. Gawo lachiwiri mayi wofunsayo anayamba kundifunsa pa zomwe ndanenazo, apo ndinkatsimphina koma ndimayenda. Ndiye kunabwera chithunzi. Gawo lachitatu ndi lachinayi sukonzekera, amangokuonetsa pomwepo, changa chinali cha munthu ali mu shopu, ndinafotokoza zomwe ndikuona, kenako mayi aja akuti tiyerekeze, ine ndine wogulitsa inu mwabwera kudzabweza katundu wowonongeka. Mawu a lisiti anandithawa. Mawu amodzi okha! Ndinangokhala duu kuyang'ana tebulo, kwinaku ndikumva cholembera cha bambo wachiwiri uja, amene sayankhula, amangokhala pambali kupereka malikisi.

Chomwe sindinkadziwa n'choti oralo sayiwerengera payokha. Amaiphatikiza ndi pepala lomvetsera, ziwirizo malikisi ake ndi 50 ndipo pamafunika 30. Kuwerenga ndi kulemba ndi gulu linanso la 50. Ndiye kaya mwaphwanya kulemba chotani, gulu linalo mukapeza 29 pepala limabwera lolembedwa "No apto", ndalama zapita.

Ndipo ndinene mosabisa, aliyense wokuuzani kuti lowezani nkhani makumi awiri akukunamizani. Instituto Cervantes, yomwe imayendetsa mayesowa, imayang'ana zinthu zinayi: ngati mfundo zanu zikulumikizana, ngati mukuyankhula osadodomadodoma, ngati galamala ili bwino, komanso kuchuluka kwa mawu omwe mukutha kugwiritsa ntchito. Galamala ndi chimodzi chabe mwa zinayizo, koma ife timaopa kulakwitsa mneni mpaka kusankha kukhala chete, pomwe wofunsa akhoza kupirira "iba" woikidwa pamalo a "fui" koma chete alibe chomupatsira malikisi. Ndikanangoti "el papel que me dieron cuando pagué", kapepala komwe anandipatsa nditalipira, nkhani ikanapitirira, ndipo kuzungulira koteroko pa B1 n'kololedwa.

Pali kenanso kathu ka ife a Chichewa, r ndi l. Kwathu ukati mbale kapena mbare palibe amakudabwa. M'Chisipanishi "pero" ndi koma, "pelo" ndi tsitsi, "perro" ndi galu. Mayi yemwe ndinkachita lendi kwawo anaseka mpaka misozi nditawauza kuti ndikupita kukameta galu. Sakufuna kuti mumveke ngati wobadwira ku Salamanca ayi, koma "pero" mudzamunena kambirimbiri m'mphindi 15 za oralo, ndiye lilime lizolowere kugunda kamodzi kuseri kwa mano a m'mwamba.

Ndiye muchite chiyani?

Ulendo wachiwiri kope lija ndinalitaya. Tsiku lililonse ndinkatchera wotchi ya pafoni mphindi 15, kulemba timawu tokumbutsira tokha osati ziganizo (pepalalo amakulolani kusuzumirapo koma osati kuwerenga), kenako kudzijambula mawu mphindi zitatu n'kumvetsera. Zimanyansa kudzimva, koma mpamene ndinazindikira kuti nkhani zakale ndimazinena ngati zikuchitika lero. Pezaninso munthu woti azikudulani mawu ndi "¿por qué?" komanso azisewera wogulitsa wovuta, kawiri pa sabata, ndi chithunzi chomwe simunachionepo. Zitsanzo za mayeso zili pa webusaiti ya Cervantes, zaulere.

Zoloweza zikhale zazifupi: "a ver" kapena "pues" pogula nthawi, "¿Puede repetir, por favor?" mukapanda kumva, ndi "es una cosa que sirve para" mawu akakuthawani. Poyamba penipeni angakufunseni ngati mukufuna "tú", iwe, kapena "usted", inu waulemu. Sankhani yomwe pakamwa panu panazolowera, ine ulemu wakwathu unandikankhira ku "usted" pomwe chaka chonse ndinkayankhula "tú", ndipo aneni onse anasokonekera.