Ndikufuna mwana, ndingasiye mankhwala a khunyu?

"Ndili ndi zaka 27, ndakhala ndikumwa valuproeti zaka zisanu ndipo sindinagwe kwa zaka ziwiri. Koma andinenepetsa, tsitsi likuthothoka, manja amanjenjemera. Ndinamva kuti amapundula mwana. Abambo akunyumba akufuna mwana, ndiye ndaganiza zosiya kumwa mwezi uno ukatha. Ndalakwa?"

Achemwali, musasiye. Ndikulemba ngati namwino amene wakhala zaka zambiri pakiliniki ya odwala khunyu. Zimene munamvazo n'zoona ndithu, sindikubisirani, koma njira mwasankhayo ikhoza kukutayitsani mwanayo ndi moyo wanu womwe.

Pa mankhwala onse a khunyu, valuproeti ndi amene ali ndi chiopsezo chachikulu kwa mwana wosabadwa. Mwa amayi 100 osamwa mankhwala aliwonse, awiri kapena atatu amabereka mwana wolumala mwa njira ina. Mwa amayi 100 omwa valuproeti, chiwerengerocho chimafika pafupifupi 10: msana wosatsekeka, vuto la mtima, mlomo wong'ambika. Palinso vuto lina losaoneka tsiku lobadwa. Ana 30 mpaka 40 mwa 100 alionse amachedwa kuyenda, kulankhula kapena kugwira zinthu kusukulu. Mlingo ukakwera chiopsezo chimakweranso. Ndiye mwachita bwino kufunsa musanaime.

Komano zaka ziwiri zosagwazo sizikutanthauza kuti khunyu linatha. N'kutheka kuti mapiritsiwo ndiwo aligwira. Ubongo unazolowera kukhala ndi mankhwala m'magazi usana ndi usiku, ndipo mukawachotsa kamodzin'kamodzi amatha m'thupi pamasiku awiri kapena atatu okha. Kugwa kukhoza kubwerera mwamphamvu kuposa kale, nthawi zina motsatizana munthu osatsitsimuka. Kukomoka kopitirira mphindi zisanu timakutenga ngati ngozi, chifukwa mpweya sufika bwino ku ubongo, ndipo kwa mayi wapakati sufikanso bwino kwa mwana.

Sindiiwala mayi wina amene anayezetsa n'kupeza kuti ndi woyembekezera, tsiku lomwelo n'kuponya mapiritsi m'chimbudzi chifukwa cha mantha. Patsiku lachinayi anagwa akuphika. Dzanja lamanja linagona pambaula yamakala, ndipo poti munthu akagwa samva kanthu, linapsa mpaka mwana wake wamkulu atalowa n'kumukoka. Anafika naye ali ndi thovu kukamwa, lilime atadziluma, atagwa katatu panjira. Tinamubaya dayazepamu kuti kuphuphako kuleke. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti mimba inali ya masabata asanu ndi anayi. Msana wa mwana umatsekeka pofika tsiku la 28 kuchokera pamene mimba yakhazikika, nthawi imene amayi ambiri angoyamba kumene kudabwa kuti bwanji sindinasambe. Pamene ankataya mapiritsi aja, zamsanazo zinali zitachitika kale. Mwana anabadwa, inde, koma zala ziwiri za mayiyo sizipindikanso.

N'chifukwa chake ntchito yonse imagwiridwa mimba isanabwere, ndipo choyamba chidzakudabwitsani: muyambe mwalera. Mukufunika miyezi ingapo imene mukutsimikiza kuti simuima pamene adokotala akusintha mankhwala. Valuproeti salimbana ndi njira zolerera. Koma mukasinthidwa n'kupatsidwa kabamazepini, kapena kwa anzathu amene akumwa fenobabitoni kapena fenitoyini, dziwani kuti mankhwala amenewa amachititsa chiwindi kuphwanya msanga mapiritsi olerera ndi njira ya pamkono ija. Ndaonapo amayi ataima timitengo tili pamkono. Lupu ndi jakisoni wa miyezi itatu ndizo zimagwirabe ntchito bwino.

Kenako tengani buku lanu la kuchipatala, mupite kumene mumalandira mankhwala, musadikire tsiku lanu likwane. Mukanene mosazungulira kuti ndikufuna kutenga pakati ndipo ndikumwa valuproeti. Ngati pachipatala chaching'ono alibe mankhwala ena, pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma kapena chachikulu. Abambo akunyumbawo apite nawo, amve okha kuchokera kwa dokotala chifukwa chodikirira, kuti mawa asadzati mukukana dala.

Mankhwala amene akuoneka ofatsa kwa mwana ndi lamotirijini ndi levetirasetamu, chiopsezo chake chili pafupi ndi cha mayi wosamwa kanthu. Vuto n'lakuti sapezeka paliponse ndipo kufamase ndi okwera mtengo, choncho musayambe mankhwala amene mwezi wamawa simudzawapeza. Kabamazepini ali pakatikati ndipo amapezeka mosavuta, koma sagwira mtundu uliwonse wa khunyu. Ngati manja anu amadzidzimuka okha m'mawa mpaka kugwetsa kapu ya tiyi, muwauze adokotala, chifukwa pamtundu umenewo kabamazepini akhoza kuwonjezera kugwa. Alipo amayi ena amene valuproeti yekha ndiye amawagwira. Amenewo amatsitsiridwa mlingo kufika pochepetsetsa pamene sakugwa, atafotokozeredwa bwinobwino chiopsezo chake. Ndipo poti mwatha zaka ziwiri, mwina adokotala angaganize zoyesa kukuchotserani mankhwala onse, koma zimenezo zimatengera mtundu wa khunyu lanu, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi.

Kusinthako kumayenda chonchi: atsopano amayamba pamlingo wochepa mukumwabe akale, amakwezedwa pakapita masabata, ndipo akakwanira m'pamene akale amayamba kutsika. Lamotirijini amafuna kuleza mtima kwambiri, makamaka pamodzi ndi valuproeti, amene amachititsa kuti achuluke m'magazi. Mukaona zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa, maso ofiira ndi kutentha thupi m'masabata oyambirira a lamotirijini kapena kabamazepini, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi yonse yosinthayi musakasambe kumtsinje kapena kutunga pachitsime nokha, ndipo pamoto pakhale wina pafupi.

Foliki asidi, vitamini wothandiza kuti msana wa mwana utsekeke bwino, yambani pano, miyezi itatu musanaime, mupitirize miyezi itatu yoyamba ya mimba. Kwa mayi wa khunyu timapereka wa mamiligiramu 5 tsiku lililonse. Timapiritsi towonjezera magazi ta kusikelo tili ndi foliki asidi wochepa chabe, ndiye mutchule kuti mukufuna wamphamvuyo. Koma musadzinamize kuti foliki asidi afufuta chiopsezo cha valuproeti, sachichotsa.

Zonenepa, tsitsi ndi kunjenjemera n'zodziwika pamankhwala amenewa, ndipo kawirikawiri zimachepa mlingo ukatsika kapena mukasinthidwa. Tsitsi limameranso. Valuproeti amasokonezanso msambo kwa amayi ena, choncho ngati mumadumphitsa miyezi, nenani. Zothamangira kuchipatala ndi izi: m'mimba kupweteka kwambiri ndi kusanza kosaleka, maso achikasu, kapena mikwingwirima pakhungu popanda kumenyedwa.

Mukatha miyezi isanu ndi inayi kapena chaka osagwa pamankhwala atsopano, mwayi ndi waukulu woti mimba yonse mudzadutsa osagwa. Amayi a khunyu oposa 9 mwa 10 alionse amabereka ana abwinobwino, ndipo amayamwitsa akumwa mankhwala.

Ngati simukulera panopa ndipo mwezi uno mwachedwa kusamba, kayezetseni mawa m'mawa. Akakupezani ndi pakati, imwanibe mapiritsi anu usiku womwewo monga mwa masiku onse, yambani foliki asidi, muonane ndi dokotala sabata yomweyo, ndipo mupemphe sikani yoona ziwalo za mwana mimba ikafika masabata 18 mpaka 20.