Makiyubu khumi a tipa amene sanakwane silabu

"Anzanga, wa tipa akuti galimoto yake imanyamula makiyubu 10, koma amisiri anga akuti katunduyo sakwana. Kodi kiyubiki yadi ndi kiyubiki mita si chimodzi?"

Ayi akulu, musalipire kaye! Ine mawu oti "makiyubu" ndikangowamva mutu umawawa. Kiyubiki yadi imodzi ndi 0.765 ya kiyubiki mita. Ambiri amati yadi ndi mamita 0.914, ndiye kusiyana n'kochepa. Koma pa mulu wa miyala kuchepako kumalowa katatu, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi lapita. Makiyubiki yadi 10 ndi makiyubiki mita 7.6 chabe.

Ine zinandionekera pa silabu yanga ku Mchini, mamita 12 kwa 9, kukhuthala masentimita 10. Amisiri anati miyala ikhale makiyubiki mita 10. Mkulu wina wa tipa anati "teni yeniyeni bwana", ndalama n'kulandiriratu. Tsiku lothira konkire, Okutobala, dzuwa loswa mtengo, mikisa yobwereka ikulira, aganyu akuthamanga ndi mawilibala. Cha m'ma 2 koloko fosholo inayamba kukanda dothi. Miyala yatha, zipinda ziwiri zakumbuyo waya ali pamtunda! Kumuimbira wa tipa uja, foni yazima. Konkire yothira kale ikuuma tikuiona, aganyu akhala pansi pa mango akufuna zawo. Tinamaliza mawa lake, ndipo pomwe yatsopano inakumana ndi youma pali mng'alu mpaka lero, mvula ikagwa chinyezi chimatulukira pomwepo.

Wa tipa atabwera ndi ulendo wachiwiri, amisiri analowa m'bodi ndi tepi: mafiti 12 kwa 7 kwa 3. Kuchulukitsa, makiyubiki fiti 252. Gawani ndi 27 mupeza mayadi 9.3, gawani ndi 35.3 mupeza mamita 7.1. Ndiye ngakhale m'mayadi akewo khumi sanakwane, m'mamita anandidya pafupifupi atatu, mawilibala oposa 40. Iye osachita manyazi, akuti "timagulitsa choncho kuyambira kale". Wakuba ameneyo, ndipo ndimamuonabe ku Kapata akunyengerera ena.

Yezani bodi nokha mkati mwake, katundu asanatsitsidwe, ndipo msinkhu muyeze pomwe miyala yalekezera, chifukwa ena sadzaza. Tepi muwerenge mbali imodzi, kaya mafiti kaya mamita, osasakaniza. Ngati mawerengedwe a simenti mwawatenga kwa Amereka, thumba lawo ndi mapaundi 94, makilo 42.6, pomwe lathu ndi makilo 50.

Komabe musakangane nawo kwambiri a matipa, ukawavuta ndi tepi amakuika kumapeto kwa mzere, makamaka mvula ikayandikira. Mukapeza wa miyala yoyera yopanda fumbi, mupatseni ndalama msanga, mungoitanitsa maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Yotsala mudzathirira khonde.