Fetereza anali kale m'sitolo, nanga wakwera bwanji?

"Achimwene, ndimakhala ku Chibavi ndipo ndimalima ku Ekwendeni. Kwacha ikangogwa, fetereza amakwera m'mawa mwake, chonsecho matumbawo anali kale m'sitolo. Kodi si kutibera kumeneku?"

Mayi, akuba alipo ndithu, koma tiyambe tawerengera limodzi.

Urea ndi petulo sitipanga kuno. Timaitanitsa kunja, ndipo eni ake safuna kwacha, amafuna madola. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti: dola imodzi yomwe inali pafupifupi K1,180 inafika K1,700.

Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 limafika kuno pa madola 30. Pa mtengo wakale ndi K35,400, pa watsopano ndi K51,000. Thumba ndi lomwelo, kunjako silinakwere ngakhale pang'ono, koma pawonjezeka K15,600.

Tsono taganizani wamalonda yemwe ali ndi matumba 100 ogula kale. Akagulitsa pa K40,000 lililonse, apeza K4 miliyoni. Dzulo ndalama imeneyo ikanamubweretsera matumba pafupifupi 113. Lero imubweretsera 78 basi. M'kaundula zioneka ngati wapindula, koma mosungira katundu mwachepa, ndipo akatero kawiri katatu mpamba watha. N'chifukwa chake sayang'ana mtengo umene anagulira. Amayang'ana umene akagulire ulendo wotsatira. Sizikoma kumva, ine ndemwe zimandiwawa, koma masamu ake ndi amenewo.

Chowawitsa n'chakuti kugwa kwa kwacha kumaluma thumba lanulo kawiri. Feterezayo amayenda pa galimoto kuchokera kudoko mpaka ku Mzuzu, ndipo galimotoyo imamwa dizilo wogulidwanso ndi madola. Mu Novembala 2023 momwemo a MERA anakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika K2,530 pa lita, dizilo nayenso anakwera. Wa minibasi ya ku Ekwendeni, wa kabaza ya njinga yamoto, wobweretsa usipa kuchokera ku Nkhata Bay, onse anakankhira mtengowo kwa inu. Malipiro okha ndiwo anatsalira pomwe anali.

Nanga wakuba mumudziwa bwanji? Yerekezani mapelesenti. Kwacha ikagwa ndi 44 peresenti, thumba la K40,000 liyenera kufika cha m'ma K58,000, mwina kupitirirako pang'ono chifukwa cha mayendedwe. Likafika K80,000, pali china. Nthawi zina ndi dyera chabe. Koma kawirikawiri n'chakuti kubanki madola kulibe, woitanitsa katundu wakawagula pamsika wamseri pomwe ndi okwera kwambiri, ndipo mtengo wa m'sitolo ukutsata umenewo osati wolembedwa pakhoma la banki. Mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta ku Katoto ikayamba kutalika, dziwani kuti madola asowa, ndipo fetereza sachedwa kutsatira.

Inu amene mumakolola chimanga, musathamangire kugulitsa mu Meyi n'kusunga makwacha mpaka Novembala. Mukagulitsa, gulani fetereza sabata yomweyo, muike pa matabwa, pouma. Chinyezi cha kuno mukuchidziwa, urea akachiyamwa amaundana ngati mwala.