CT kapena MRI: atate atagwidwa ndi sitiroko

"Atate anga anagwa kumunda ku Chadiza, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, kamwa n'kupotoka. Kuchipatala anawajambula CT ya mutu. Msuweni wanga wa ku Lusaka akuti tikanapempha MRI poti ndiyo yoona bwino. Kodi anatipatsa chotsalira?"

Ayi amayi, mtima ukhale m'malo. Adokotala anali ndi funso limodzi lofulumira: kodi mtsempha wa mu ubongo waphulika, kapena watsekeka? Kunja, odwala awiriwa amaoneka chimodzimodzi, koma mankhwala awo ndi otsutsana. Asipirini amathandiza amene mtsempha wake watsekeka. Mukampatsa amene akukha magazi m'mutu, mwawonjezera kukhako.

Funso limeneli CT imaliyankha msanga. Iyo ndi ekisire yomwe imazungulira mutu n'kujambula magawomagawo, monga mmene mumadulira nkhaka, ndipo wodwala satha mphindi 10 ali pamakina. Magazi ongotuluka kumene amaoneka oyera mbee pakati pa ubongo wotuwa. Poti atate anu anafooka kumanja, adokotala anayang'anitsitsa kumanzere kwa chithunzi cha ubongo, chifukwa mbali iliyonse imayendetsa thupi la mbali inayo. Mafupanso CT imawaona bwino, ngati chigaza chinang'aluka pogwa paja.

Koma pali pamene imalephera, ndipo apa ndikufuna mumvetsetse. Mtsempha ukatsekeka, chithunzi cha maola oyambirira chikhoza kuoneka chabwinobwino. Malo owonongekawo amadzada pakapita tsiku kapena awiri. Choncho akakuuzani kuti "CT sinaonetse kanthu", sikuti atate alibe sitiroko. Akutanthauza kuti magazi sanakhe. Mabanja ena amatulutsa wodwala atamva mawu amenewa, ndipo zimandipweteka mtima.

MRI ilibe ekisire. Imagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri ndi mafunde a wailesi pomvetsera madzi a m'thupi, n'chifukwa chake imaona bwino zofewa: ubongo, chingwe cha mumsana, mitsempha yomanga bondo. Sitiroko yaing'ono, makamaka ya kunkhongo, imaigwira pamene CT yaphonya. Pamenepo msuweni wanu sananame.

Vuto lake ndi nthawi. Munthu amagona mumphako yopapatiza, makina akugogoda ngati chigayo, kwa mphindi 20 mpaka 45 osagwedezeka. Wodwala wosokonezeka mutu kapena wosanza sangapirire, ndipo akasuntha chithunzi chimawonongeka. Maginitowo amakokanso zitsulo. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena wowotcherera zitsulo amene kachitsulo kanamlowa m'diso, ayenera kunena asanalowe m'chipindacho. Ndipo kuyenda ndi atate makilomita opitirira 500 mpaka ku Lusaka tsiku loyambalo kukanawaika pangozi.

MRI ingadzafunike ngati zizindikiro sizikugwirizana ndi chithunzi, kapena adokotala akukayikira chotupa. Mukapita kukawaona mawa, funsani kuti: "CT inaonetsa magazi kapena ayi?" Mufunsenso ngati ayesa mmene atate akumezera musanawapatse phala, chifukwa sitiroko ikhoza kulowetsa chakudya m'mapapo.