Za mnyamata wa nthabwala uja

Funso: Azakhali, kuntchito kuli mnyamata amakonda kundisereula, amanditcha "mayi wa majuzi awiri" poti sindinazolowere kuzizira kwa kuno, ine ndimasangalala nazo. Koma Lachisanu pa nkhomaliro ananena za mbina yanga pamaso pa anzake. Ndinaseka nawo koma mumtima zinandiwawa. Amandifuna kapena akundinyogodola?

Eya mwanawe, ndalimva funso lako. Pepa phokosolo, ndili pa Katoto kudikira kabaza, mvula yowaza ija yayambanso. Popeza wafunsira pagulu ndiyankhira pomwepa, asuweni akowa amve nawo.

Za majuzizo ndaseka nane. Taona, kuti munthu adziwe kuti wavala majuzi awiri osati imodzi, ndiye kuti amakuyang'ana tsiku ndi tsiku. Anyamata ambiri amayambira pamenepo, chifukwa kufunsira n'koopsa, akhoza kukanidwa n'kuchita manyazi. Ndiye amaponya kanthabwala kuti aone ngati ubweza. Ukabweza amalimba mtima, ukapanda kubweza amati ndimangocheza, palibe wachita manyazi. Juzinso ndi chinthu choti umavula, ndipo iwe ukhoza kumugemula naye za nsapato zake zamatope. Nonse mukuseka, nonse mukuponyerana.

Amalume akowa anandipeza choncho. Nditangobwera kuchokera ku Dedza ndinkagulitsa kaunjika mu msika wa Taifa kuno ku Mzuzu, Chitumbuka changa chinkathera pa "monile" ndi "yewo" basi. Iwo ankabwera kudzafunsa mtengo wa jekete imodzimodzi, mwadala m'Chitumbuka chothamanga, ine n'kumangoti yewo, yewo. Amvekere, "Mayi, ndafunsa mtengo, mukuthokoza chiyani?" Ine ndinkawayankha kuti ndikuthokoza kuti mwabweranso kudzaiona jekete yanu, ikukupatsani moni. Mwezi wathunthu osagula!

Koma tsiku lina anaphonya. Anabwera ndi anzawo awiri, n'kunena za kuonda kwanga, ati mphepo ya m'Chikangawa indiulutsa. Sankadziwa kuti ndinali nditangodzuka pa malungo. Anzawowo anafa nacho chikhakhali, ine ndinangowerama n'kumapinda malaya. Mawa lake anabwera okha, osaseka, amvekere dzulo ndinalakwa. Mpaka lero sananenepo za thupi langa pagulu. Jeketeyo anagula tsiku limenelo, mwina chifukwa cha manyazi.

Ndiye za Lachisanuzo ndi zina ndithu. Mbina sungaivule ngati juzi, ndipo sunali ndi chobweza. Komanso tayesa kukumbukira, pomwe ankanenapo maso ake anali kuti? Ngati ankayang'ana anzakewo kuti aone ngati aseka, ndiye kuti nthabwalayo inali yawo, iwe unangokhala ndiwo. Kuseka kwakoko usadziimbe nako mlandu, ambirife timaseka choncho tikasowa pothawira. Koma iyeyo anangoona mano, mwina akuganiza kuti unakondwa.

Choncho muuze, kamodzi, muli awiri, osati pa foni ndi tizithunzi toseka tija ayi. Mawu ochepa: "Za majuzi zija ndimaseka, koma za thupi langa sindifuna, makamaka pa anthu." Ukatero khala chete, usamuthandize kuyankha. Yankho lakelo ndi limene likuuze zomwe wandifunsazi, ine sindingazidziwe ndili pa Katoto pano. Akachita manyazi, n'kupepesa, n'kusiyadi, ameneyo anangophonya ngati amalume ako. Koma akati "iwenso sumva nthabwala", kapena akakayamba kukutcha wokwiyakwiya kwa anzake aja, kapena akasiya masiku atatu n'kuyambiranso, ndiye kuti chimamusangalatsa ndi kukuona ukusowa mtendere.

Ena pagulu pano anena kuti aaa, si momwe timachezera pa chisuweni? Inde, msuweni amakutcha mkazi wanga, amakugemula mpaka pamaliro, koma chisuweni aliyense amadziwa kuti ndi chibale, ndipo iwenso uli ndi ufulu womutibula ndi mawu chimodzimodzi. Wakuntchito si msuweni wako.

Chinanso, sunandiuze ngati ali pamwamba pako. Ngati ndi amene amakulembera masiku a tchuthi kapena kusayinira za malipiro ako, kuseka kwako sikwaufulu, ndipo iye akudziwa. Zikapitirira utamuletsa, kapena akayamba kukugwiragwira uku akuti ndi macheza, uzilemba tsiku, mawu ake ndi amene analipo. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zoterezi, ndipo ukakadandaula kwa akuluakulu a pantchito kakope kameneko kadzakuyankhulira.

Kabaza wafika. Loweruka ubwere ku Chibavi udzandiuze zomwe wayankha, ndiphika kondowole. Uvale majuzi onse awiri.