Arei kapena linkidi lisiti: n'chifukwa chiyani pulogalamu yanu yayamba kuchedwa?

"Moni achimwene. Ndikuphunzira Java, ndipo ndili ndi pulogalamu yosunga manambala okwana 100,000. Ndinawerenga kuti linkidi lisiti imafulumira polowetsa zinthu pakati, choncho ndinachotsa `ArrayList` n'kuika `LinkedList`. Koma pulogalamu ikuchedwa kuposa kale. Kodi ziwirizi zimasiyana pati kwenikweni, nanga ndizisankha iti nthawi iti?"

Zikomo pondilembera. Zimene munawerengazo si bodza, kungoti anakuuzani theka la nkhani. Tiyambe ndi mmene ziwirizi zimakhalira mumemore ya kompyuta, chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepo.

Arei imatenga malo amodzi aatali mumemore n'kundandalika zinthu zake mogundizana, popanda mpata. Zinthu zonsezo n'zofanana kukula. Tinene kuti arei yanu ikuyambira pa adiresi 1000 ndipo nambala iliyonse ikudya mabayiti 4. Mukapempha chinthu cha pa indekisi 5, kompyuta sifufuza, imangowerengera: 1000 kuphatikiza 5 kuchulukitsa ndi 4, yankho 1020, n'kupita pomwepo. Mukapempha cha pa indekisi 90,000, samu ndi yomweyo, nthawinso ndi yomweyo. Izi ndi zimene mabuku amalemba kuti `O(1)`.

Linkidi lisiti ilibe malo amodzi. Chinthu chilichonse chimakhala m'kabokosi kakekake kotchedwa nodi, ndipo manodiwo angathe kukhala paliponse mumemore. Chowalumikiza ndi poyinta: nodi iliyonse imasunga adiresi ya inzake yotsatira. Mu `LinkedList` ya Java imasunganso adiresi ya nodi yam'mbuyo. Zili ngati kufunsa njira kumalo achilendo, kumene munthu aliyense amangodziwa khomo la mnzake woyandikana naye basi. Kuti mufike khomo la 500, muyenera kugogoda makomo onse a m'njira. Palibe samu yodumphira.

Ndiye sindinaione kodi yanu, koma ndikuganiza kuti muli lupu yonga iyi:

```java
for (int i = 0; i < list.size(); i++) {
    total += list.get(i);
}
```

Pa `ArrayList`, lupu imeneyi ndi masitepe 100,000, yatha. Pa `LinkedList`, `get(i)` iliyonse imayambiranso ulendo kumapeto. Java imayesako kuchenjera, imayambira kumutu kapena kumchira malinga ndi kumene kuli pafupi, komabe chinthu chapakatikati chimafuna kudutsa manodi pafupifupi 50,000. Mukaphatikiza maulendo onse a lupu yonseyo, akukwana masitepe pafupifupi 2.5 biliyoni. Lupu ndi yomweyomweyo, palibe cholakwika chimene chingatuluke pasikirini, koma ntchito yachuluka maulendo 25,000.

Mungatsimikize nokha mosavuta. Yesani nthawi ndi manambala 50,000, kenako ndi 100,000. Ngati nthawi yangowirikiza kawiri, vuto lili kwina. Ngati yawirikiza kanayi kapena kuposa, matenda ake ndi omwewa. Mankhwala achangu ndi kulemba `for (int x : list)`, chifukwa lupu yotereyi imakumbukira nodi imene yaima n'kungosunthira pa yotsatira.

Tsopano pa nkhani yolowetsa pakati ija. N'zoona kuti kulumikiza nodi yatsopano ndi ntchito yochepa: mumasintha mapoyinta ochepa okha, palibe chosuntha. Koma musanalumikize, muyenera kufika kaye pamalopo. Mukalemba `list.add(50000, x)`, linkidi lisiti imayenda manodi 50,000 isanagwire ntchito yake yachanguyo. Arei imafika pamalopo nthawi yomweyo, kenako n'kukankhira kutsogolo zinthu 50,000 zotsalazo kuti papezeke mpata. Papepala zonse ndi `O(n)`, kutanthauza kuti ntchito imakula molingana ndi kuchuluka kwa zinthu, ndipo mungati ndi ofanana mphamvu.

Pakompyuta yeniyeni sali ofanana, ndipo chifukwa chake ndi kashi. Purosesa imathamanga kwambiri kuposa memore yaikulu, choncho ili ndi kamemore kake kakang'ono kothamanga. Ikafuna chinthu chimodzi, simatenga chokhacho. Imanyamula chigawo chonse, kawirikawiri mabayiti 64. M'chigawo chimodzi chotere mumalowa manambala 16 a mabayiti 4. Ndiye pa arei, ulendo umodzi wopita kumemore umabweretsa zinthu 16, ndipo purosesa ikaona kuti mukuwerenga motsatana imayamba kukutengerani zakutsogolo musanazipemphe. Pa linkidi lisiti, adiresi ya nodi yotsatira siidziwika mpaka mutawerenga nodi imene muli, ndipo ngati manodiwo amwazikana, sitepe iliyonse ingakhale kudikira memore. N'chifukwa chake kukankha zinthu 50,000 zogundizana nthawi zambiri kumatha msanga kusiyana ndi kuyenda manodi 50,000.

Palinso za malo. M'chinenero cha C pakompyuta ya mabiti 64, poyinta imadya mabayiti 8. Nodi yosunga nambala ya mabayiti 4 ndi poyinta imodzi kawirikawiri imakwana mabayiti 16, kuwirikiza kanayi zimene arei ikanadya.

Anthu ena amaopa arei poti imadzaza. Arei wamba imadzazadi, koma `ArrayList` ikadzaza imatenga malo atsopano okulirapo ndi theka, n'kukoperamo zonse. Kukoperako kumachitika mwa apo ndi apo, moti kuwonjezera kumapeto kumakhalabe kotchipa. Samalaninso ndi mayina: `list` ya Python ndi arei, si linkidi lisiti ayi, pamene mu C++ `std::vector` ndiye arei ndipo `std::list` ndiye yamanodi. Mu Java, chizindikiro cha mndandanda umene umafika pa indekisi mwachindunji ndi `RandomAccess`: `ArrayList` ili nacho, `LinkedList` ilibe.

Nanga linkidi lisiti imapambana pati? Imapambana pamene nodi ili kale m'manja mwanu, osachita kuifufuza. Chitsanzo chabwino ndi pulogalamu yosunga zinthu zimene zagwiritsidwa ntchito posachedwa, tinene masamba 1,000 okha. Tsamba likatsegulidwa liyenera kupita kutsogolo kwa mzere, ndipo malo akatha limachotsedwa ndi lakumchira, limene lakhalitsa osakhudzidwa. Apa mumaika hashi mapu pambali, yoti mukaipatsa dzina la tsamba ikulozereni nodi yake mwachindunji. Mukaigwira nodiyo, mumaimasula kwa anzake awiri oyandikana nayo, kuwalumikiza awiriwo, n'kuiika kumutu. Palibe kuyenda, palibe kukankha. Arei ikanafunika kusuntha zinthu mazanamazana pa tsamba lililonse lotsegulidwa. Ndi mmene `LinkedHashMap` ya Java inapangidwira: hashi mapu yokhala ndi manodi olumikizana mbali zonse ziwiri. Chimodzimodzinso ngati mukuyenda mumndandanda ndi `Iterator` n'kumachotsa zinthu ndi `remove()` pamene mwaima, nodi ili kale m'manja.

Malo amodzi amene ambiri amathamangira linkidi lisiti pachabe ndi mzere wodikira, woti zinthu zimalowera kumbuyo n'kutulukira kutsogolo. Zoonadi, `remove(0)` pa `ArrayList` ndi yodula, chifukwa zonse zotsala zimasunthira kutsogolo, monganso `pop(0)` pa `list` ya Python. Koma yankho labwino mu Java ndi `ArrayDeque`, arei yozungulira imene imangosuntha chizindikiro cha poyambira m'malo mosuntha zinthu. Mu Python ndi `collections.deque`.

Kwa inu, ndinganene kuti bwezerani `ArrayList`. Ngati manambala oti alowe pakati ndi ambiri chifukwa mukufuna kuti mndandanda ukhale m'dongosolo la kukula, musawalowetse imodziimodzi. Aponyeni onse kumapeto, kenako itanani `Collections.sort(list)` kamodzi. Mukatero muyesenso nthawi ndi 50,000 komanso 100,000, muone ngati ikuwirikizabe kanayi.